Kukweza voliyumu pa chapa sikuthetsa phokoso

"Pa chapa ya ku Moatize sindimva kanthu ndi mahedifoni anga osatseka makutu. Ndigule ofuula kwambiri?"

Ayi achimwene, vuto si kufuula. Mtundu umene muli nawowo umasiya khutu lotsegula dala, ndiye injini, hutala ndi kukuwa kwa kondakitala zimalowa zonse. Mukakweza voliyumu simunachotse phokosolo, mwangounjikapo lina, ndipo khutu likusenza zonse ziwiri.

Kukula kwa phokoso kumayezedwa m'madesibo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati madesibo 80 munthu angamvere maola 40 pa sabata, koma mukangowonjezera 3, nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 89 kwatsala maola 5 okha. Amene amakwera chapa ola limodzi tsiku lililonse amawatha pofika Lachisanu. Mukatsika makutu akulira, kapena mawu a anthu akumveka ngati muli m'madzi, mwapyola muyezo.

Pa chapa gulani olowa m'khutu okhala ndi timphira, musankhe kamphira kothina bwino. Mukakavala, mkokomo wa injini uzichepa musanayatse nyimbo. Ophimba khutu lonse amatchinganso, koma ndi kutentha kwa ku Tete kuno thukuta limadzaza pasanathe ola. Osatsekawo musataye, ndi abwino poyenda pansi pamsewu, kuti muzimva galimoto ikubwera kumbuyo.