Kuwiritsa dzira kuti lipse mmene mukufunira popanda mzere wobiriwira

Dzira lili ndi zigawo ziwiri zimene sizipsa nthawi imodzi. Choyera chimayamba kulimba kutentha kukafika pafupifupi madigiri 63, pomwe chikasu chimayamba kukhuthala pa madigiri 65 ndipo chimalimbiratu chikafika pa 70. Popeza kutentha kumalowa pang'onopang'ono kuchokera kuchigoba kupita pakati, choyera chimapsa chikasu chidakali chamadzimadzi, ndipo ntchito ya wophika ndi kusankha mphindi yoimitsira kutenthako.

N'chifukwa chake ndimalangiza kuika mazira m'madzi amene awira kale. Ambiri amayamba ndi madzi ozizira, koma njira imeneyo imasokoneza kuwerenga nthawi, chifukwa poto wamkulu pamoto wochepa amachedwa kuwira ndipo dzira limakhala likupsa nthawi yonseyo inu musanayang'ane wotchi.

Tiyerekeze kuti muli ndi mazira anayi akuluakulu, a magalamu pafupifupi 60 lililonse, ochokera mufiriji. Thirani mupoto madzi okwanira kumiza mazirawo ndi kupitirira masentimita awiri kapena atatu, ndipo madziwo akawira tsitsanimo mazira ndi sipuni, limodzilimodzi, kuti asamenye pansi pa poto n'kusweka. Chepetsani moto kuti madzi azingowira mofatsa, osabwata mpaka kugubuduza mazira, kenako yambani kuwerenga. Dzira lochotsedwa pa mphindi 6 lidzakhala ndi choyera cholimba koma chikasu choyenderera mukachibaya ndi sipuni. La mphindi 8 lidzakhala ndi chikasu chokhuthala ngati phala lolimba, chouma m'mbali koma chonyezimira pakati. Pa mphindi 10 chikasu chimakhala chitalimba koma chidakali chachinyezi, ndipo pa mphindi 12 chimalimbiratu, n'kumayoyoka mukachidula ndi mpeni. Kupitirira apo palibe chimene mukuwonjezera kupatula kuumitsa dzira.

Nthawi zimenezi zimasintha pang'ono. Dzira limene silinali mufiriji, kapena laling'ono, limafuna kuchotsapo pafupifupi mphindi imodzi. Kumalo okwera madzi amawira asanafike madigiri 100, popeza kutentha kowirira kumatsika ndi digiri imodzi pa mamita pafupifupi 300 alionse okwera, choncho kumeneko mazira amafuna nthawi yowonjezera. Tikumbukirenso kuti dzira la chikasu choyenderera silinapse mokwanira kupha tizilombo ta salmonela, motero ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala azidya lolimba.

Mzere wobiriwira wozungulira chikasu umadandaulitsa anthu ambiri, ndipo ena amaganiza kuti dziralo ndi lovunda. Si choncho ayi. M'choyera muli salfa, ndipo m'chikasu muli ayironi. Choyera chikatenthedwa kwa nthawi yaitali chimatulutsa mpweya wa salfa, umene ndi gwero la fungo losasangalatsa la dzira lopsa mopitirira, ndipo mpweyawo ukakumana ndi ayironi pamalire a zigawo ziwirizi umapanga mtundu wobiriwira wotuwirako. N'chifukwa chake mtunduwo umaoneka pamwamba pa chikasu pokha, m'kati muli bwinobwino. Dzira lotere silivulaza munthu, kungoti chikasu chake chimauma n'kumakakamira kukhosi. Mazira okhalitsa amachita mzerewu msanga kuposa atsopano, ngakhale kuti ndi amenenso amasendeka mosavuta.

Chimene ambiri amaphonya n'chakuti dzira silisiya kupsa likachoka pamoto. Kutentha kumene kuli m'choyera kumapitiriza kulowa m'kati, moti dzira la mphindi 6 losiyidwa pambale limatha kukhuthala chikasu, ndipo la mphindi 12 losiyidwa m'madzi otentha mupoto limachita mzere ngakhale kuti nthawi munaiwerenga molondola. Konzeranitu beseni la madzi ozizira kwambiri, makamaka okhala ndi aisi, mazira asanapse, ndipo nthawi ikakwana aponyenimo osazengereza. Olimba akhalemo mphindi 10, pomwe lofewa limene mukufuna kudya likadali lofunda limangofuna mphindi imodzi. Ngati aisi palibe, sinthani madziwo akangoyamba kufunda, chifukwa mazira ambiri m'madzi ochepa amatenthetsa madziwo m'malo moti madzi aziziritse mazira.

Mukasenda dzira n'kupeza mzere, kuoneka kwake kumakuuzani pamene panalakwika. Mzere wochindikala, chikasu chotuwa chouma ngati phulusa ndi choyera cholimba ngati labala zikusonyeza kuti mazira anakhalitsa pamoto, ndipo muchepetse nthawi ndi mphindi ziwiri. Koma ngati mzerewo ndi wopyapyala ndipo pakati pa chikasu padakali pachinyezi, nthawi yowiritsa inali yabwino, ndipo chofunika kukonza ndi kuziziritsa.