Notisi si mlandu, auzeni zoona

"Ukawauza ofuna kukulemba ntchito kuti uli ndi notisi ya mwezi, ntchito imapita kwa wina." Mawu amenewa ndatopa nawo abale, zaka ndi zaka. Olemba ntchito amadziwa kale kuti munthu amene ali pa ntchito sangayambe mawa, chomwe amafuna ndi deti lenileni basi. Tsegulani kontirakiti yanu, pezani pomwe alemba za notisi, muonenso ngati masiku a tchuthi otsala amaloledwa kuchotserapo. Ngati ndi mwezi umodzi, auzeni kuti kalata yondilemba ntchito ikafika pa 3 Juni ndipereka notisi tsiku lomwelo, ndiyamba pa 4 Julayi. Kunama kuti ndiyamba Lolemba ndiye kumakupweteketsani, chifukwa mukachoka osamaliza notisi mabwana anu akale akhoza kufuna muwalipire malipiro a masikuwo. Zomva m'minibasi musamafalitse musanawerenge kontirakiti yanu.