Kugula tikiti ya thilamu sikokwanira ku Berlin

Alendo ambiri amaganiza kuti akagula tikiti ndiye kuti zonse zatha, koma ku Berlin, m'dziko la Jeremani, tikiti yapepala yosadindidwa imaonedwa ngati kulibe. Mukangokwera thilamu, imene ndi sitima yaing'ono yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda, lowetsani tikitiyo m'kamakina kodindira kamene kali mkati momwemo, kuti kalembepo tsiku, nthawi ndi malo. Kuyambira pamenepo tikiti ya ulendo umodzi imagwira ntchito maola awiri, ndipo mukhoza kusintha thilamu, basi kapena sitima, bola muzilowera mbali imodzi osabwerera kumene mwachokera. Musaidinde kawiri, chifukwa imatha mphamvu. Oyendera matikiti, amene nthawi zambiri savala yunifolomu, akakupezani ndi yosadindidwa amakulipiritsani mayuro 60, ndipo kunena kuti ndinu mlendo sikukupulumutsani.