Kanema wofunsira ntchito si powerengera masatifiketi

Ndatopa nawo makanema oyamba ndi "Dzina langa ndine uje, ndinabadira ku Bembeke, pulayimale ndinaphunzira kwakuti." Abale anga, zonsezo zili kale pa CV yomwe mwatumiza. Ife olemba anthu ntchito tikapempha kanema timafuna kumva kalankhulidwe kanu ndi kuona zomwe manja anu amadziwa, basi.

Mphindi imodzi ndi theka yakwana. Masekondi 10 oyamba tchulani dzina ndi ntchito yomwe mukufuna. Nthawi yotsalayo tengani chinthu chimodzi chomwe munachitapo chogwirizana ndi zomwe zalembedwa pa chidziwitso cha ntchitoyo, muchifotokoze, ndipo ngati n'kotheka muchionetse.

Mpaka lero zimandiwawabe za mtsikana wina wa ku Lizulu yemwe ankafuna ntchito ya ulangizi wa alimi a kachewere. Anatumiza kanema wa mphindi zinayi, atavala gauni, akuwerenga magiredi a MSCE ndi a dipuloma maso ali papepala. Anzanga a m'komiti anatseka asanafike ndi pakati pomwe. Chonsecho pansi penipeni pa CV yake panali mzere wonena kuti amathandiza kalabu ya alimi kulimbana ndi chiwawu. Akanangoima m'munda, n'kuthyola tsamba lodwala, n'kulitembenuza pafupi ndi foni kuti tione madontho akuda ndi nkhungu yoyera ya kunsi kwake, kenako n'kunena kuti matendawa amakonda chinyezi ndi kuzizira, ndiye iye amalangiza alimi kupopera mankhwala asanafalikire, ndani akanamusiya? Ntchito inapita kwa wina wa magiredi ochepa yemwe analankhula ngati munthu woti munda amaudziwa.

Foni yanuyo ndi yokwanira. Iikeni chopingasa pamalo posagwedezeka, molingana ndi maso, kuwala kukumenyeni kumaso osati kumsana. Chomwe chimapha makanema ambiri kuno ndi phokoso: chigayo, njinga za kabaza, ndi mphepo ya ku Dedza ija. Jambulani pang'ono kaye, mumvetsere. Ngati mawu akumveka patali, yandikirani foni.

Chenjerani ndi anyamata omwe amalipiritsa kuti akuikireni nyimbo ndi maluwa ouluka, ena mpaka kukubwereketsani ofesi ya eni. Timazindikira msanga, ndipo tikakufunsani za ofesiyo mumasowa chonena. Oopsa kwambiri ndi aja onamizira kulemba ntchito pa WhatsApp. Akakuuzani kuti mutumize kaye ndalama, kapena muonetse chiphaso cha unzika mu kanema, kapena, kwa atsikana, mujambule thupi lonse mukutembenuka, pamenepo palibe ntchito.

Ndipo musadikire tsiku lotsekera. Kanema wa pa foni amatha kupitirira 100 MB pa mphindi imodzi, pomwe Gmail imalola 25 MB yokha. Muikeni pa Google Drive, mulole kuti aliyense wokhala ndi linki atsegule, ndipo muyese pa foni ya mnzanu. Linki ikakana kutseguka sitikuimbirani foni, timangopita kwa wotsatira.