Kuphwanya mapiritsi a wodwala amene akulephera kumeza

Pamene munthu wadwala sitiroko, kapena khansa yamufoola mpaka kumeza kukuvuta, amene akumusamalira nthawi zambiri amatenga mapiritsi onse a m'mawa, kuwaphwanya pamodzi ndi kuwasakaniza m'phala. Pa mankhwala ambiri, monga panado, kuphwanya sikuononga chilichonse kupatula kuti amawawa m'kamwa. Koma alipo mapiritsi ena amene kapangidwe kake ndi mbali ya mankhwalawo, ndipo kuwaphwanya kumasintha mlingo umene ukulowa m'magazi.

Oopsa kwambiri ndi mapiritsi opangidwa kuti azitulutsa mankhwala pang'onopang'ono kwa maola 12 kapena 24. Pa bokosi, dzina lawo limatsatiridwa ndi zilembo monga SR, MR, CR, ER, XR, XL kapena LA, kapena mawu akuti Retard. Taganizirani agogo amene anapatsidwa nifedipini wa SR wa mamiligalamu 20 kuti azimwa kawiri pa tsiku chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Piritsilo likamezedwa lathunthu, mankhwala amalowa pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Likaphwanyidwa, mlingo wonse umalowa nthawi imodzi, ndipo pasanathe ola nkhope imatentha, mutu umapweteka, mtima umagunda mofulumira, ndipo akati adzuke amachita chizungulire chifukwa magazi atsika mwadzidzidzi, zomwe ndi zoopsa kwa ubongo umene wangovulala kumene ndi sitiroko. Pofika masana mphamvu ya mankhwala imakhala yatha, magazi n'kukweranso. Kawirikawiri dokotala amathetsa vutoli posintha mankhwala n'kupereka amulodipini, amene amamwedwa kamodzi pa tsiku ndipo akhoza kuphwanyidwa, koma kusinthako ndi kwa dokotala, osati kwa wosamalira wodwala.

Mofini wa mapiritsi a maola 12, amene ndi mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndiye sayenera kuphwanyidwa n'komwe. Wodwala amene wamwa piritsi lotere lophwanyidwa amagona tulo tovuta kumudzutsa, amapuma mwa apo ndi apo, ndipo kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri. Zimenezi zikaoneka, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo. Alipo mofini wamadzi, ndipo ndi amene ayenera kupemphedwa munthu akayamba kuvutika kumeza.

Gulu lachiwiri ndi la mapiritsi okutidwa ndi chikamba chimene sichisungunuka m'mimba koma chimadikira kufika m'matumbo, ndipo ambiri amalembedwa EC. Pa dayikulofenaki wotere, mankhwala a ululu ndi kutupa, chikambacho chimachepetsa kupsa kwa m'mimba, pamene pa omepurazo, amene amachepetsa asidi wa m'mimba, chimateteza mankhwalawo kuti asidi wa m'mimba asawaononge. Kapisozi wa omepurazo akhoza kutsegulidwa, koma timibulu ta m'kati timezedwe tathunthu, osatitafuna kapena kutipera. Palinso mapiritsi a khansa monga metotirekiseti, amene fumbi lake ndi loopsa kwa wophwanyayo, makamaka mayi woyembekezera.

Vuto la kwathu kuno ndi lakuti mapiritsi amaperekedwa m'timajumbo tolembedwa pamanja, ndipo zilembo zija nthawi zina sizilembedwa. Maonekedwe a piritsi sanena zoona zake, ndipo ngakhale mzere wa pakati sutanthauza kuti likhoza kuperedwa, pakuti ena amaloledwa kudulidwa pakati koma osaphwanyidwa. Choncho musanachoke pa zenera la ku famase, nenani kuti wodwala wanu sakumeza bwino ndipo mufunse za piritsi lililonse palokhapalokha.

Akakuuzani kuti piritsilo ndi lololedwa, liikeni pakati pa masupuni awiri oyera ndi ouma, n'kulipera mpaka likhale ufa wosalala. Perani limodzilimodzi, pa nthawi yomwa yomweyo, osati kusungira mawa. Ufawo muusakanize m'supuni imodzi kapena awiri a phala lozizira pang'ono kapena nthochi yofinya, chifukwa mukauthira m'mbale yonse ndipo wodwala n'kusiya theka, simungadziwe mlingo umene walowa. Musagwiritse ntchito mkaka kapena chambiko pa sipulofulokisasini, mankhwala opha mabakiteriya, chifukwa mkaka umagwira mankhwalawa n'kuwalepheretsa kulowa m'magazi. Wodwala akhale tsonga pomwa ndipo asagone kwa mphindi 30, kenako muyang'ane m'masaya mwake, makamaka mbali yofookayo, ngati simunatsalire kanthu.

Ambiri amadabwa kumva kuti kwa wodwala sitiroko madzi wamba ndi amene amatsamwitsa kuposa phala, popeza amathamanga n'kulowera kum'mero wopumira munthu asanameze. Ngati akutsokomola pomwa, kapena mawu akumveka ngati muli madzi pakhosi, lekani kumupatsa chilichonse pakamwa ndipo muuze namwino, chifukwa zolowa m'mapapo zimayambitsa chibayo. Amene ali ndi chubu chodyera cha m'mphuno, piritsi lililonse lololedwa kuphwanya lisungunulidwe palokha m'madzi oyera, ndipo chubucho chitsukidwe ndi madzi musanayambe, pakati pa mankhwala, ndiponso mukamaliza, pa mlingo umene namwino wakuuzani, kuti chisatsekeke.