Ntchito ikatha pochepetsa antchito, pa sivi mulembepo chiyani?

Wolemba anthu ntchito akaona pa sivi kuti ntchito yanu inatha mwadzidzidzi, amafuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi unatha ndi udindo, kapena munali ndi mlandu? Ngakhale lamulo la ntchito la ku Malawi la 2000, m'gawo 57, limasiyanitsa kuchotsedwa chifukwa cha khalidwe kapena kulephera ntchito ndi kuchotsedwa chifukwa kampani yasintha kayendetsedwe kake. Mukapanda kunena, amene akuwerengayo amadziyankha yekha, ndipo kawirikawiri amaganiza zoipazo.

Musanalembe chilichonse, pemphani kumene munkagwirako chikalata chosonyeza kuti ntchito inatha. Gawo 31 la lamulo lomweli limati mukachipempha akupatseni, koma chifukwa chimene ntchito inathera amachilembamo pokhapokha mwiniwakenu mutanena. Ambiri amaiwala apa. Pemphani kuti chilembedwe, kenako mawu a pa sivi afanane ndi a m'chikalatamo.

Tiyerekeze mayi wowerengera ndalama kubungwe la zaumoyo ku Zomba, amene ntchito inawathera boma la Amereka litaimitsa thandizo kumayambiriro kwa 2025. Alembe dzina la udindo ndi miyezi yeniyeni, Juni 2021 mpaka Epulo 2025. Pansi pake aike zimene anakwanitsa, zitatu kapena zinayi. Pomaliza penipeni abwere ndi mzere uwu: "Udindowu unathetsedwa pulojekiti itatsekedwa thandizo la ndalama litaima, antchito 14 mwa 20 a m'nthambi yathu anakhudzidwa."

Taonani kuti chiganizocho chikukamba za udindo, osati za mayiwo. Nambalayo ikusonyeza kuti sanawasankhe okha, koma ailembe pokhapokha ngati akuidziwa bwino. Mzerewu ukhale pomaliza, chifukwa wowerenga sivi amathamanga. Ayambe waona ntchito zawo, za kutha kwake zibwere pambuyo. M'ndime yodzifotokoza ya pamwamba pa sivi nkhaniyi isalowemo.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kubisa. Wina amalemba kuti "mpaka pano" ntchito itatha kalekale, wina kuti anasiya yekha. Foni imodzi yopita kwa bwana wakale imaulula zonse, ndipo zikatero nkhani imasanduka ya bodza. N'chifukwa chake muwawerengere mzerewo anthu amene mwawalemba kuti akuchitireni umboni, kuti akafunsidwa adzanene zofanana.

Mkwiyo umabisala m'timawu ting'onoting'ono: "mopanda chilungamo", "mosatichenjeza", "ngakhale ndinadzipereka zaka zonsezi". Mwina n'zoona ndithu, koma wowerenga sangazitsimikize, ndipo amayamba kuganiza zimene mudzanene za iye mawa. Ngati za ndalama zanu zolekera ntchito zili kukhoti la za ntchito, zisiyeni kumeneko.

Pa intaviyu yankhani ndi mzere womwewo, muonjezepo zimene mwachita chithereni ntchito, monga kosi kapena kuwerengera ndalama mabizinesi ang'onoang'ono. Zimenezinso zikhale pa sivi ndi miyezi yake ngati mwakhala osagwira ntchito kupitirira theka la chaka.