Khanda likatentha thupi, si mano

"Kutentha thupi kwa khanda ndi mano chabe. Mupatseni panado, muone mawa."

Uthenga umenewu umabwerabwera m'magulu a makolo muno mu Lusaka, ndipo ndi wabodza. Mano amayamba kutuluka mwana akafika miyezi ngati 6, osati pa khanda la masabata awiri.

Khanda losakwana miyezi 3 likafika madigiri 38.0 mukayeza potulukira chimbudzi, kapena 37.5 mukayeza m'khwapa, limenelo ndi vuto la chipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Chitetezo cha thupi lake sichinakhwime, ndiye tizilombo tingalowe m'magazi kapena ku ubongo m'maola ochepa. Panado angatsitse kutentha, koma sapha tizilomboto.

Dzanja la pamphumi limanama. Ikani chipangizo choyezera kutentha pakati penipeni pa khwapa louma, gwirani kamkono kuti kathine, dikirani chilire. Tinene kuti mwana wa masiku 12 wafika 37.8, atakulungidwa m'chitenje ndi bulangeti pamwamba, m'nyumba ya malata mu Okutobala. Muvuleni bulangetilo, inde, koma nyamukani. Poyenda pitirizani kumuyamwitsa.

Kuzizira nakonso n'koopsa: pansi pa 35.5, kukana bere, kufooka, kupuma mofulumira kapena kukomoka, thamangani ngakhale thupi lisanatenthe.

Uthenga wonga wa mano uja ukakufikani, onani ngati watchula msinkhu wa mwana ndi madigiri, kenako funsani anamwino ku sikelo. Chonde, musautumizenso kwa ena.